Galanti ya Miyezi 6 Imene Sitinaiwerenge

Ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja, ku Nkhotakota, tinazolowera kuyeza mtunda ndi maso. Kumeneko malo ukawaona ndiye kuti wafika. Titabwera kudzaphunzitsa kuno kumapiri a Ntchisi tinazindikira kuti mudzi umene ukuoneka patsidya, utsi wake uli tolotolo, ungakutengere maola awiri, chifukwa pakati pali chigwa choti utsike ndi chitunda choti ukwere. Asilamu kuno ndi ochepa ndiponso omwazikana. Madarasa athu atatu ali m'midzi yotalikirana, ndipo njinga yakapalasa imene tinali nayo tinkaikankha nthawi yambiri kuposa imene tinkaikwera. Ana a madarasa akutali kwambiri ankaona mwalimu kamodzi pa sabata, mvula ikagwa osamuona n'komwe.

N'chifukwa chake m'chaka cha 2024, anthu atagulitsa soya ndi mtedza, komiti ya mzikiti inagwirizana zogula njinga yamoto. Ndalama zake sizinachokere kwa munthu mmodzi wolemera. Wina anapereka mtengo wa ndowa ziwiri za soya, wina wa mbuzi, ndipo mayi wina wamasiye anabwera ndi ndalama zomanga pansonga ya chitenje, nanena kuti ndi za mdzukulu wake amene akufuna adzathe kuwerenga Qur'an. Abale ena a ku Mponela ndi ku Salima anawonjezera zotsala. Tikunena zimenezi pofuna kuti owerenga amvetse kuti chimene tinachisamala mosakwanira sichinali chuma chathu. Inali amana, chinthu chosungitsidwa m'manja mwathu.

Kumapeto kwa Ogasiti tinapita ku Lilongwe anthu atatu: msungichuma, mnyamata wodziwa kuyendetsa, ndi ife aphunzitsi. M'sitolo imene tinalowa munali njinga zonyezimira zitandandalikidwa bwino. Tinayang'ana matayala, tinaliza injini, tinanenerera mtengo kwa nthawi yaitali mpaka wogulitsa anatsitsako pang'ono. Kenaka msungichuma anafunsa kuti, "Nanga ikakatifera kumapiri kuja, bambo, tidzatani?" Wogulitsayo anayankha mwaulemu ndithu kuti, "Musadandaule, Shehe. Ili ndi galanti ya miyezi 6. Ikavuta mudzangobwera nayo." Anatipatsa lisiti ndi kabuku kakang'ono ka Chingerezi, natisonyeza pamene tisayine. Tinasayina tili chiimire, maso ali panjinga. Titafika kwathu kabukuko tinakaika m'kabati, pakati pa mabuku a fiqihi, ndipo kanakhala m'menemo osawerengedwa.

Apa m'pamene pali manyazi athu. Chaka ndi chaka timaphunzitsa ana kuti ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ndime 282 ya Surat Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Timawauza kuti ndime yoyamba ya Surat Al-Maidah ikulamula okhulupirira kukwaniritsa mapangano. Koma pangano lingakwaniritsidwe bwanji ndi munthu amene sakudziwa zimene walonjeza? Ife tinkaganiza kuti galanti ndi lonjezo la wogulitsa yekha. Sitinadziwe kuti posayina paja nafenso tinalonjeza zinthu zingapo, ndipo kuti lonjezo lake linatsamira pa malonjezo athuwo.

Njinga ija inagwira ntchito yokondweretsa. Masiku anayi pa sabata inkazungulira madarasa, makilomita 45 tsiku lililonse, ndipo Lachisanu inkayenda ena 20 kutengera mwalimu ku Jumu'ah ya kumzikiti waung'ono. Onse pamodzi ndi makilomita 200. Koma mafuta ankafuna ndalama, choncho komiti inalola kuti Loweruka ndi Lamulungu mnyamata wathu azichita nayo kabaza, kunyamula anthu ndi matumba popita kumisika. Masiku awiriwo ankawonjezera makilomita ena 200. Motero njinga inkayenda makilomita 400 pa sabata, ndipo tonse tinkayamika nzeru imeneyi, poona kuti njinga ikudzidyetsa yokha.

Wogulitsa anali atatiuza pakamwa kuti tibwere nayo ku sevisi yoyamba ikakwana makilomita 500, ndipo izi tinachita. Sevisi yachiwiri inayenera kuchitika pa makilomita 2,500, ndipo inafika mu Okutobala, nthawi imene mafuta ankavuta kupeza m'dziko muno. Kuchokera kwathu kukafika ku Lilongwe kudzera ku Mponela ndi makilomita ngati 95, kupita ndi kubwera 190, pafupifupi mafuta a sabata yonse ya madarasa. Tinaona ngati kuwononga. Tinapita kwa makaniko wapafupi, munthu waluso amene amakonza njinga zambiri za m'deralo, natithirira oyilo watsopano ndi kukunga tcheni. Sitinatenge lisiti, pakuti ndani amapempha lisiti pansi pa mtengo wa mango?

Itakwana makilomita 3,700 tinayamba kuona zinthu ziwiri. Choyamba, pokwera chitunda injini inkalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, ngati munthu wopalasa bwato nkhafi ili m'mwamba. Chachiwiri, kumbuyo kunkatuluka utsi wobiriwira ngati mtambo, ndipo oyilo ankatsika msanga. Tinayendabe nayo masiku 9, posafuna kuti ana ajombe maphunziro. Kenaka tinabwerera kwa makaniko uja, amene anatsegula mutu wa injini kuti aone, natiuza kuti maringi a pisitoni atha ndiponso mbale za kilatchi zapsa. Iye yemwe ndiye anatikumbutsa kuti, "Koma achimwene, iyi si yatsopano kodi? Bwanji osapita nayo kumene munagula?" Anaibwezeretsa mmene inalili, ndipo tinatsetsereka nayo pang'onopang'ono mpaka ku Lilongwe. Tinafika mita ikuwerenga makilomita 4,300, m'mwezi wachitatu chigulire. Mitima yathu inali m'malo: miyezi 6 inali isanakwane.

Mkulu wa kugalaja ya sitoloyo sanatikalipire. Anatipempha kabuku kaja, natsegula tsamba limene ife tinali tisanalionepo, nayamba kutiwerengera ndime imodziimodzi, chala chili pamzere. Zimene tinamva tsiku limenelo ndi zimene tikufuna kugawana nanu, chifukwa ndime zotere zimapezeka m'mapepala ambiri a galanti, kaya ndi a njinga yamoto, a injini ya boti, a firiji kapena a batire ya sola.

Ndime yoyamba inali ya kutalika kwa galanti. Sinanene miyezi 6 yokha. Inati miyezi 6 kapena makilomita 6,000, chimene chayamba kukwana. Mawu omalizawa ndi amene amalamulira chiganizo chonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Miyezi 6 ndi masabata 26. Kuti makilomita 6,000 akwanire masabata 26, njinga iyenera kuyenda makilomita osapitirira 230 pa sabata. Ife tinkayenda 400, kutanthauza kuti galanti yathu ikanatha m'masabata 15, miyezi itatu ndi theka basi, ndipo maulendo opita ku sevisi akanaifupikitsanso. Patsikulo ndime iyi inali isanatigwire, koma inatisonyeza kuti miyezi 6 imene tinkainyadira sinali yathu chiyambire. Munthu asanagule ayenera kugawa makilomita olembedwawo ndi mtunda umene adzayenda pa sabata. Yankho lake ndiyo galanti yake yeniyeni. Pa injini ya boti kapena jenereta, m'malo mwa makilomita kawirikawiri amalemba maola, koma kawerengedwe kake n'komweko.

Ndime yachiwiri inali mndandanda wa zinthu zimene galanti siikhudza konse: matayala, machubu, tcheni ndi zitsulo za mano zimene imazungulirapo, mabuleki, mbale za kilatchi, mapulagi, mababu, zingwe, ndi zosefera mpweya ndi oyilo. Izi amazitcha zinthu zotha ndi ntchito. Apa tiyenera kunena chilungamo: ndime imeneyi si chinyengo. Galanti ndi lonjezo lakuti chinthu chinapangidwa bwino kufakitale, si lonjezo lakuti sichidzatha. Kilatchi yathu inapsa chifukwa cha zitunda. Woyendetsa akanyamula munthu ndi thumba la chimanga, nakwera phiri atagwira kilatchi mwatheka m'malo motsitsa giya, mbale zija zimakhulana mpaka kupsa. Palibe fakitale imene ingalipire zimenezo. Koma taonani chimene mndandandawu ukutanthauza kwa munthu wa kumapiri: zinthu zimene zimayamba kuwonongeka m'misewu yathu n'zomwezo zimene zachotsedwa. Chimene chatsala m'galanti kwenikweni ndi m'kati mwa injini, magiya ndi chimango cha njinga. Choncho powerenga ndi bwino kuyambira pa mndandanda wa zochotsedwa, kenaka n'kudzifunsa kuti chatsala n'chiyani.

Tinavomera za kilatchi, koma tinati nanga maringi, amene ali m'kati mwa injini? Apa m'pamene anatsegula ndime yachitatu, ya zimene wogula ayenera kuchita kuti galanti ikhalebe yamoyo. Inati sevisi ichitike pa makilomita 500, 2,500 ndi 4,500, kugalaja yawo kapena ina imene iwo aivomereza, osachedwa kupitirira makilomita 100, ndipo nthawi iliyonse kabuku kadindidwe. M'kabuku kathu munali chidindo chimodzi chokha. Ngakhale chimenecho tinachipeza mwamwayi: tinanyamuka kwathu mita ili pa 495, tinafika ili pa 590, kutatsala makilomita 10 kuti tichedwe. Munthu wokhala kutali ayenera kuchotseratu mtunda wa ulendo wake pa nambala yolembedwa, n'kunyamuka isanakwane.

Ndime yomweyo inapitiriza kunena kuti njinga ikatsegulidwa kapena kukonzedwa ndi munthu amene iwo sanamuvomereze, galanti yathera pomwepo. Mkulu uja anatisonyeza mabawuti a mutu wa injini, pamene penti yoikidwa ngati chizindikiro inali itasweka. Poyamba tinaona ngati njira yongothawira udindo, koma atafotokoza tinamva mfundo yake. Maringi akhoza kutha msanga pa zifukwa zosiyanasiyana. Mwina anabwera olakwika kuchokera kufakitale. Mwina oyilo wothiridwa sanali woyenera, kapena anatsika kwambiri injini n'kutentha. Mwina chosefera mpweya chinadzaza kapena kung'ambika, fumbi la m'chilimwe n'kulowa m'kati, pakuti fumbi likasakanikirana ndi oyilo limapala chitsulo ngati mchenga wotsukira mphika. Chifukwa choyambacho ndi mlandu wa fakitale, zinazo ndi za mwini njinga. Chimene chimalekanitsa ndi umboni: chidindo chosonyeza kuti chosefera chinaonedwa pa 2,500, lisiti yotchula mtundu wa oyilo, ndi injini yosatsegulidwa imene katswiri angaione mmene inalili. Ife tinalibe chilichonse mwa zitatuzi. Umboni umene ukanatiyimira tinaufafaniza ndi manja athu.

Ndime yachinayi inali yaifupi kuposa zonse, mzere umodzi wokha. Inati galanti siigwira ntchito pa njinga yobwereketsa, yochitira malonda onyamula anthu kapena katundu, kapena yonyamula kupyola kulemera kolembedwa. Mkulu uja anangoloza chonyamulira chachitsulo chimene tinawotcherera kumbuyo, ndi mpando umene unali utaphwa kale, natifunsa kuti, "Shehe, njingayi imachita kabaza?" Pamenepo panali yesero. Mnyamata wathu anatiyang'ana, ndipo tikukhulupirira kuti tikanakana iye akanakhala chete. Koma munthu amene amaphunzitsa ana kuti bodza ndi tchimo sangagule maringi ndi bodza. Tinayankha kuti inde, masiku awiri pa sabata. Iye anatseka kabuku. Kunena zoona, galanti yathu inafa Loweruka loyamba limene mnyamata ananyamula munthu wolipira, njinga isanathe ndi sabata imodzi yomwe.

Tili m'njira yobwerera tinayamba kukumbukira zimene tinaphunzira kukoleji, m'mutu wa malonda. Mu fiqihi muli ufulu wotchedwa khiyarul aibi, ufulu wobweza katundu amene wapezeka ndi chilema chimene chinalipo asanafike m'manja mwa wogula. Maziko ake ndi kuletsedwa kwa chinyengo, monga mu nkhani yodziwika ya m'Sahih Muslim, pamene Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anapisa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika napeza kuti cham'kati n'chonyowa, nadzudzula wogulitsa chifukwa chosachiika poonekera. Ndipo maulama akale anakambirana kale funso lenileni la ndime zochotsa udindo: bwanji ngati wogulitsa anena kuti akugulitsa koma alibe mlandu pa chilema chilichonse? A madhihabu a Imamu Abu Hanifa amalola chikhazikitso chotere. Koma mu madhihabu a Imamu Shafi, amene ambiri a ife kunyanja timatsata, mawu amphamvu ndi akuti wogulitsa samasuka ndi mawu amenewo, kupatula pa chilema chobisika cha m'thupi la chiweto chimene iye mwini sankachidziwa. Kunena kuti ndilibe mlandu sikuchotsa mlandu wa chilema chimene unagulitsa nacho chinthu.

Tikanakonda kuimira pomwepo, koma fiqihi yomweyo inatitembenukira. Imamu Nawawi, amene anamwalira m'chaka cha 1277, akufotokoza m'buku la Minhajut Twalibin kuti kubweza chifukwa cha chilema kuyenera kuchitika mwamsanga munthu akangochizindikira, ndipo kuti wopitiriza kugwiritsa ntchito chinthucho pa zofuna zake atachiona chilema wataya ufulu wake wobweza. Zitsanzo zake ndi za nyama yokwera ndi chishalo chake, koma ife tinadziona tokha m'menemo, ndi masiku 9 aja amene tinayenda utsi uli kumbuyo. Kabuku ka Chingerezi nakonso kanali ndi mzere wonena kuti vuto likaoneka njinga iimitsidwe ndipo sitolo idziwitsidwe, ndi kuti kuwonongeka kobwera chifukwa chopitiriza kuyenda n'kwa mwini. Zimene buku la m'kabati mwathu linanena zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo ndi zomwe kabuku kogonera pambali pake kankanena. Onse awiri sitinawafunse.

Pali chinanso chimene owerenga ayenera kudziwa, kuti asaganize kuti pepala la sitolo ndilo mawu omaliza. Galanti ndi lonjezo lowonjezera, silifafaniza malamulo a dziko. Malawi ali ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndiponso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene linakhazikitsidwa mu 1998 n'kulembedwanso mwatsopano mu 2024. Bungwe la boma la CFTC, limene likulu lake lili ku Lilongwe, limalandira madandaulo a ogula, ndipo lakhala likuchenjeza amalonda kuti zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa sizingawachotsere udindo pa katundu wachilema. Palinso bungwe loyimira ogula la CAMA. Choncho amene wagula chinthu chimene chafa m'masiku oyamba, asanachilakwire kanthu, asabwerere kwawo chifukwa cha chikwangwani. Koma kulikonse kumene angapite adzafunsidwa zinthu zomwezo: lisiti ili kuti, vuto linayamba liti, munawauza liti, ndani anatsegula. Ife titadziyankha mafunso amenewa tinaona kuti dandaulo lathu lilibe miyendo, ndipo sitinalipititse patsogolo.

Tinagula tokha maringi, mbale za kilatchi, chosefera ndi oyilo, ndipo njinga inakhala masabata atatu osayenda pamene tinkasonkha ndalama. Chovuta koposa chinali kuimirira pambuyo pa Jumu'ah ndi kufotokozera jamaa. Tinanena zonse mmene zinayendera, osabisa za kabuku kosawerengedwa. Mayi wamasiye uja anatumiza mawu kudzera mwa mdzukulu wake, akuti, "Auzeni a mwalimu kuti safunsa anadya phula, koma njingayo ikonzedwe, mwana akudikira." Sitinalandirepo chidzudzulo chofatsa ndi cholasa ngati chimenecho.

Chaka chotsatira abale a mzikiti wina wa cha ku Mvera, m'boma la Dowa, anafuna kugula njinga yawo, natipempha kuti tiwaperekeze. Ulendo umenewu tinachita mosiyana. Tisanatchule n'komwe za mtengo tinapempha pepala la galanti, tinatuluka nalo panja, tinakhala pansi, ndipo mwana wa sekondale amene tinamutenga dala anatimasulira mzere uliwonse. Tinayambira kumapeto, kumene kumakhala timalemba ting'onoting'ono, n'kumabwerera kumayambiriro, chifukwa tsamba loyamba limanena zimene mtima ukufuna kumva, pamene lomaliza limanena zimene zidzachitike. Paliponse pamene panali mawu otanthauza kupatula, pokhapokha, malinga, kapena sitidzakhala ndi udindo, tinaikapo chizindikiro ndi pensulo. Tinapeza malo 11 otere pa masamba awiri.

Kenaka tinalowanso ndi mafunso otengedwa m'moyo weniweni wa njingayo, osati ongofunsa ngati ili ndi galanti. Tinati njinga iyi idzanyamula mwalimu ndi mabuku m'misewu yafumbi, ndipo nthawi zina idzanyamula wodwala kupita kuchipatala popanda malipiro: kodi zimenezi mukuziwerenga ngati malonda? Tinafunsa ngati galanti imalipira chitsulo chokha kapena ndi ntchito ya makaniko yomwe, ndiponso amene amalipira ulendo wobweretsa njinga yakufa kuchokera kumudzi. Tinafunsa kuti amene akulonjeza ndani, sitolo kapena kampani yoitanitsa njingazo kunja, pakuti sitolo ikatsekedwa lonjezo la sitolo limatsekedwa nayo. Tinafunsanso ngati pali galaja yovomerezeka kufupi ndi kwawo. Mayankho anali akuti kunyamula wodwala mwaulere si malonda, kuti zitsulo ndi ntchito n'zawo koma mayendedwe ndi a mwini njinga, ndi kuti galaja yovomerezeka ili ku Lilongwe kokha.

Pamenepo msungichuma wa abalewo anapempha chinthu chimene ife sitinachiganize chaka chathachi. Anati, "Bambo, zimene mwanenazi n'zabwino, tilembereni kuseri kwa lisiti, musayine ndi kudinda." Wogulitsa woyamba anakana, nati pepala ndi pepala, mawu ake ndi okwanira. Tinathokoza n'kutuluka. Wachiwiri, amene mtengo wake unali wokwererapo pang'ono, analemba, ndipo anaonetsetsa pamodzi nafe kuti nambala ya injini ndi ya chimango zolembedwa pa lisiti ndi m'kabuku zikufanana ndi zozokotedwa panjinga, pakuti nambala imodzi ikalakwika galanti imakhala ya njinga ina. Abalewo anagula kwa wachiwiriyo. Anagwirizananso okha kuti kabaza ayi kufikira galanti itatha, ndipo ndalama za maulendo atatu a sevisi anaziika padera tsiku lomwelo, kuziwerenga ngati mbali ya mtengo wa njinga.

Mwina wina anganene kuti ngati zinthu zili choncho, galanti ilibe phindu kwa munthu wakumudzi. Nthawi zina zimenezo n'zoona, ndipo palibe cholakwika kusankha mwadala kuisiya. Mnyamata wogula njinga kuti azichita kabaza kuyambira tsiku loyamba adziwiretu ngati pepala lake likumuchotsa, kuti asalipire mtengo wokwera chifukwa cha lonjezo limene silidzamufikira, ndipo asunge yekha ndalama zokonzetsera. Msodzi wa ku Senga Bay kapena ku Makanjira wogula injini ya boti afunse ngati usodzi wamalonda ukuloledwa m'galantimo, ndi zimene pepala likunena pa kasakanizidwe ka mafuta ndi oyilo, kapena injini ikamira m'madzi. Mayi wogula firiji yosungira nsomba ayang'ane mzere wonena za kuwonongeka kobwera ndi kuthima ndi kuyaka kwa magetsi, pakuti m'mapepala ambiri zimenezo n'zochotsedwa. Kulakwa kwathu sikunali kuchita kabaza kapena kupita kwa makaniko wapafupi. Kunali kuchita zimenezo tikuganiza kuti tili ndi chotchinjiriza chimene tinali titachitaya kale.

Njinga yathu ikuyendabe, Alhamdulillah, ndipo mdzukulu wa mayi uja anamaliza juzu yake yoyamba. Kabuku kaja sitinakataye. Ana a kalasi yaikulu akafika pa mutu wa malonda, timakatulutsa m'kabati, n'kukapereka kwa mmodzi kuti awerenge mokweza tsamba lomaliza, wina n'kumamasulira m'Chichewa. Kenaka timawafunsa kuti apeze okha malo amene mwalimu wawo anagwera. Kawirikawiri amawapeza onse anayi nthawi ya swala ya Asri isanakwane. Allah atikhululukire pa zimene tinalekerera, ndipo atipatse kudekha kowerenga tisanasayine.